Deta analisiti, deta sayentisiti kapena injiniya wa mashini leningi, ndilowere kuti?

Mwana wa Kawale: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru mutu wanga waima. Ndinamaliza ku Bunda, za ekonomikisi ya ulimi, pano ndili pa kabungwe kena kongongoza alimi, ntchito yanga ndi kulowetsa mafomu ndi kupanga malipoti mu Excel mwezi ukatha. Kontirakiti ikutha pakatha miyezi 8. Ndikufuna ndiphunzire za deta zenizeni koma ndikamawerenga ena akuti khala deta analisiti, ena deta sayentisiti, ena akuti dola ili kwa injiniya wa mashini leningi. Ndili ndi laputopu ya 8GB ndi maola mwina awiri usiku ngati magetsi alipo. Ndiyambe iti?

Dolo wa 25: Aise funso lake ndi losavuta. Mashini leningi basi, zophunzitsa kompyuta kulosera kuchokera mu deta. Analisiti ndi kalaliki wovala tayi, iwe ukufuna uchoke pa Excel upitenso pa Excel? Phunzira kulemba khodi mu Python miyezi itatu uyambe kusaka vepi ya pa intaneti yolipira madola

Mjomba wa ku Likuni: Inetu za deta ndimazidziwa, mwana wa mlongo wanga analembedwa pa kalembera wa 2018 uja, ankayenda ndi tabuleti khomo ndi khomo ndipo analandira bwino ndithu. Dikirani kalembera wina mphwanga, mudzalembetse msanga.

Dolo wa 25: kkkkk mjomba imeneyo ndi yotolera deta, ife tikukamba zina

Mjomba wa ku Likuni: Oo chabwino. Koma popanda otolerawo inu mudya chani

Anambewe: Mjomba sanalakwitse kwambiri, tibwererako. Mwana wa Kawale achimwene, musanasankhe dzina la ntchito ndifunse, ku bungwe kwanuko ngongole zonse zimene munaperekapo zilipo zingati, ndipo zimasungidwa pati?

Mwana wa Kawale: Sisi zili mu mafayilo a Excel, nthambi iliyonse yakeyake, Mitundu yawo, Nsundwe yawo, Mponela yawo. Zikaphatikizidwa mwina zifika masauzande angapo

Anambewe: Ndiye tigwiritse ntchito zomwezo, chifukwa ntchito zitatuzi zimamveka bwino zikaikidwa pa tebulo limodzi. Manambala ndingopeka kuti masamu aphweke. Tiyerekeze muli ndi ngongole 10,000 ndipo 800 mwa izo sizinabwezedwe.

Analisiti bwana amamufunsa za zimene zachitika kale. Chaka chatha tinakongoza zingati nthambi iliyonse, ndi kuti kumene anthu sakubweza, kodi a soya akubweza bwino kuposa a chimanga? Zikumveka zophweka eti, koma ntchito yeniyeni ili poti mayankhowo akhale oona. Mwachitsanzo muli ndi tebulo la ngongole ndi tebulo lina la zobweza, ndiye munthu walemba chonchi mu SQL, chilankhulo chofunsira matebulo a deta:

```sql
SELECT l.branch, SUM(l.amount)
FROM loans l
JOIN payments p ON p.loan_id = l.loan_id
GROUP BY l.branch;
```

Khodi imeneyi iyenda bwinobwino, kompyuta sidandaula. Koma mayi amene anatenga K200,000 nabweza kanayi, mzere wake wa ngongole utuluka kanayi, ndiye lipoti linena kuti anatenga K800,000. Ndipo amene sanabwezeko olo kamodzi sapezeka n'komwe, chifukwa mu tebulo la zobweza mulibemo dzina lake. Ndiye kuti anthu amene bwana amafuna kuwadziwa kwambiri ndi amene asowa mu lipoti. Analisiti wabwino amawerenga mizere asanalumikize matebulo ndi atalumikiza, ikachoka pa 10,000 kufika 31,000 amadziwa kuti pavuta. Amaphatikiza kaye zobweza kuti ngongole iliyonse ikhale mzere umodzi, kenako ndiye kulumikiza ndi `LEFT JOIN` kuti osabweza asatayike.

Ineyo cholakwika chimenechi ndinachipangapo, lipoti linafika mpaka kwa dona wopereka thandizo la ndalama, ndinachita kuitanidwa mu ofesi. Sindinagone tsiku limenelo.

Mwana wa Kawale: Eish izi zinandichitikira ndi VLOOKUP koma mozondoka, imangotenga malipiro oyamba okha ena aja osawaona

Anambewe: Eya, matenda ake ndi amodzi. Ndiye mukuona kuti mwendo umodzi muli nawo kale mu uanalisiti. Chimene chikusowa ndi SQL, chida chimodzi cha dashibodi ngati Power BI, ndi luso loima pamaso pa bwana n'kunena mu ziganizo zitatu kuti vuto lili nthambi yakuti, mbewu yakuti, tichite chakuti.

Dolo wa 25: Komabe zimenezo ndi za mbiri yakale sisi, kuwerenga zimene zinachitika. Sayentisiti amalosera zakutsogolo. Ine ndinapanga modelo pa kosi ina inafika akyurase ya 94 peresenti tsiku loyamba lomwe

Anambewe: Dolo zoti sayentisiti amalosera wanena zoona, koma pa 94 wakoyo tiye tione. Pa ngongole zathu 10,000 zija, ine ndipange modelo yopusa yongoyankha kuti "abweza" kwa aliyense osayang'ana kanthu. Ikhoza pa anthu 9,200, ilakwa pa 800. Akyurase 92 peresenti, koma sinagwire wosabweza ngakhale mmodzi. Ndiye ukandiuza 94 ine sindinamve kalikonse mpaka undiuze kuti mu deta yakoyo osabweza analipo angati.

Funso la sayentisiti liyenera kuchokera pa chochita. Tinene kuti ma ofisala a m'midzi angathe kuyendera anthu 1,000 okha nyengo yokolola isanafike, mafuta a njinga zamoto ndi omwewo. Mukasankha anthu 1,000 mwachisawawa mupezamo osabweza pafupifupi 80. Modelo ikasanja anthu kuyambira woopsa kwambiri, ndipo mwa 1,000 apamwambawo mukapezeka osabweza 400, ndiye kuti yaposa mwayi kasanu ndipo yagwira theka la 800 aja. Imeneyo ndi nkhani imene bwana angaimve. Komanso muuzeni kuti 600 mwa oyenderedwawo ndi anthu amene akanabweza okha, asakawayankhule ngati akuba.

Dolo wa 25: Hmm ok. Ya ine ija inali ya matenda a mtima, sindinayang'ane kuti odwala anali angati

Anambewe: Kayang'ane ubwere utiuze kkk. Msampha wachiwiri ndi woipa kuposa pamenepo. Mu fayilo mwanu mwina muli kolamu yolemba kuti ofisala anamuyendera munthuyu kangati. Mukaiponya mu modelo, zotsatira zikhala zokongola zedi, mwina 99. Chifukwa chake n'choti ofisala amapita kawirikawiri kwa munthu amene wayamba kale kuzemba. Ndiye modelo ikuonera mayeso. Tsiku lopereka ngongole yatsopano kolamu imeneyo imakhala ziro kwa aliyense, modelo ija n'kusanduka mbuli. Pa kolamu iliyonse muzidzifunsa kuti kodi ichi ndimachidziwa pa tsiku limene ndikufuna kulosera? Ndipo poyesa musasakanize zaka, phunzitsani ndi ngongole za zaka zam'mbuyo, yesani pa chaka chotsatira.

Apa ndi pamene masamu amalowera. Sikuti mukhale pulofesa ayi, koma sitatisitikisi muimve m'magazi. Inu a ku Bunda munapangako ekonometirikisi, lojisitiki rigiresheni, njira ija yowerengera mwayi woti munthu abweza kapena ayi, si chinthu chachilendo kwa inu, ndipo pa deta yaing'ono ngati imeneyi ndi imene ndingayambire ineyo, osati zimphona za nyuro netiweki.

Mwana wa Kawale: Tinapangadi mu Stata chaka chachitatu koma tinkangothamangitsa kuti tikhoze, sindinkadziwa kuti ndi zomwezi

Wa Khodi ku 47: Ndalowa mochedwa ndinali pa mzere wa mafuta. Anambewe afotokoza bwino ziwirizo, yachitatuyo ndiikambe ine poti ndi mbali yanga, ndimalemba mapulogalamu. Anthu amaganiza kuti ndi makwerero, uyambe analisiti, ukwere sayentisiti, pamwamba injiniya. Ayi ndithu. Injiniya wa mashini leningi ndi wolemba mapulogalamu poyamba, za modelo zimabwera pambuyo.

Tengani modelo ya ngongole ija. Ili mu laputopu ya sayentisiti, mu Jupyter, imayenda akaidina yekha. Tsopano bungwe likufuna kuti ofisala ali ku Nsundwe alowetse zambiri za mlimi pa foni, yankho libwere pompo. Ndiye pafunika munthu woti aikulunge modelo mu API, khomo loti pulogalamu ya pa foni iziifunsira, aiike pa seva, mwina mu Docker, khodi ikhale pa Git yosunga mbiri ya zosintha zonse, alembe zoyesera kuti wina akasintha chinthu zisaphwasuke, aganizirenso kuti netiweki ikaduka pakati pa fomu zitha bwanji. Ndiye pali timavuto tonyansa, mwachitsanzo modelo inaphunzira munda mu maekala, pulogalamu ya pa foni ikutumiza mahekitala. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala 2.5, ndiye mlimi aliyense akuoneka ngati ali ndi kamunda kakang'ono, onse akukanidwa, ndipo palibe uthenga wofiira uliwonse pa sikirini. Umangozindikira ukamayang'anira manambala olowa tsiku ndi tsiku.

Anambewe: Onjezerani za kwacha achimwene

Wa Khodi ku 47: Eee imeneyo ndiye yeniyeni. Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Modelo imene inaphunzira kale kuti ngongole ya K300,000 ndi yaikulu, ya mlimi wamphamvu, mitengo ya feteleza itakwera ndalama yomweyo yasanduka ya munthu wamba. Modelo siidziwa zimenezo, imangoyankha molimba mtima ngati kale. Chimodzimodzi chaka cha namondwe ngati Freddy wa 2023 kummwera kuja, kapena chilala, anthu abwino amalephera kubweza pa zifukwa zimene sizili mu fayilo. Ntchito ya injiniya ndi kuika zinthu zoti zizimuchenjeza kuti deta yolowa yasiyana ndi yophunzirira, ndi njira yophunzitsanso modelo popanda kugwetsa sisitimu. Foni ikalira 2 koloko usiku kuti zaima, amadzuka ndi iyeyo.

Ndiye Mwana wa Kawale ndikufunse, unalembapo pulogalamu iliyonse yoti munthu wina n'kuigwiritsa ntchito?

Mwana wa Kawale: Ayi bigi, kupatula mafomula a mu Excel

Wa Khodi ku 47: Ndiye pa miyezi 8 ya maola awiri usiku usadzinamize. Werengera wekha, masiku 240 kuchulukitsa ndi 2 ndi maola 480, ndipo ndiye kuti sunadwale, magetsi sanathime, kumudzi sikunagwe maliro. Maola amenewo akwanira kukhala analisiti wodalirika, sakwanira kukhala injiniya kuchokera pa ziro. Sindikukuletsa, ndikungoti msewu wake umadzera ku ntchito yolemba mapulogalamu kaye, zaka zingapo.

Dolo wa 25: Koma inu mukumuopseza mwana. Pa YouTube pali anthu anapanga miyezi 6

Wa Khodi ku 47: Uwafunse ankagwira ntchito yanji miyezi 6 imeneyo isanayambe

Mayi Awiri: Ine ndikufuna ndinene za msika wa kuno, chifukwa nonse mukukamba ngati tili ku Nairobi. Ndakhala mu emu endi i, ntchito yolondoloza ndi kuunika mapulojekiti, zaka zambiri ndipo ndakhalapo pa ma intavyu mbali yofunsa. Mu Lilongwe muno olemba ntchito za deta ambiri ndi mabungwe, mapulojekiti a zaumoyo ndi ulimi, maunduna, ndiye mabanki ndi makampani a mafoni. Dzina la ntchito kawirikawiri silikhala analisiti n'komwe, amalemba ofisala wa emu endi i, ofisala wa deta, kapena manejala wa deta. Zimene timafunsa ndi zoti kodi ungapange fomu mu KoboToolbox kapena ODK yoti otolera asalowetse zaka za mwana 250, kodi DHIS2 umaidziwa, chifukwa Unduna wa Zaumoyo malipoti a zipatala amadzera mmenemo, kodi ungatsuke deta mu Stata kapena R. Munthu akabwera n'kuyamba za nyuro netiweki koma pivoti tebulo ikumukanika timangoyang'anana.

Ndipo chenjerani ndi mayina. Ndinaonapo ntchito yolembedwa kuti deta sayentisiti, kuwerenga m'munsimu ndi malipoti a kotala basi. Werengani zimene muzikachita Lolemba m'mawa, osati mutu wake.

Mjomba wa ku Likuni: Mwaona, otolera aja abweranso

Anambewe: Kkkk mjomba ndinalonjeza kuti tibwererako. N'zoona, malo ambiri kuno modelo siingagwire chifukwa deta yake ndi yosalongosoka. Mlimi mmodzi walembedwa katatu, dzina lomwelo masipelo atatu, wina alibe nambala ya chitupa cha unzika, deti ina yalembedwa mwezi poyamba ina tsiku poyamba. Bungwe lotere likalemba sayentisiti, chaka choyamba chonse amagwira ya analisiti afune asafune.

Kamnyamata ka MUST: Pepani kulowerera akuluakulu, ine ndili chaka chachitatu kompyuta sayansi, funso langa ndi loti laputopu yabwino ya mashini leningi ndi iti, bajeti ndi yochepa

Adimini: Za malaputopu tinakambirana kale sabata yatha, kwerani m'mwamba. Tisasokoneze.

Wa Khodi ku 47: Mwachidule mphwanga, imene uli nayo ikwana, zolemera uziponya pa Google Colab, ziziyenda pa makompyuta awo pa intaneti. Koma iweyo ndiye amene msewu wa uinjiniya ukukuyenera, osati mnzathu wa ku Kawaleyu. Gwira Python ndi Git mwamphamvu, modelo imodzi yaing'ono uiike pa intaneti anthu aidine.

Mwana wa Kawale: Ndiye ngati ndamva bwino ndiyambe uanalisiti. Koma mantha anga ndi oti ndikakamira pomwepo moyo wonse, Dolo wanena kuti ndi ukalaliki

Mayi Awiri: Kukakamira kumachitikadi, ndisakunamizeni. Pali anzanga akupangabe lipoti lomwelo la dona zaka 10. Koma amene amakakamira ndi amene amangodikira kupemphedwa tebulo. Amene amafunsa kuti bwana tebulo limeneli mukufuna mupange nalo chiganizo chanji, amatha kukhala oyang'anira dipatimenti yonse, ndipo sayentisiti amakhala pansi pawo.

Anambewe: Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Miyezi iwiri yoyamba SQL yokha, tsiku lililonse, mpaka `JOIN` ndi `GROUP BY` muzizilota. Ikani SQLite kapena PostgreSQL pa laputopu yanuyo, sizifuna bandulo mukangotsitsa. Kenako mupemphe chilolezo kwa bwana muphatikize mafayilo a nthambi zonse akhale malo amodzi, ameneyo ndi pulojekiti weniweni woti mukamufotokoze pa intavyu. Koma deta ya alimi isatuluke mu ofesi, musaiike pa GitHub, muli mayina ndi ngongole za anthu. Yoonetsa pagulu tengani ya aliyense, ngati kafukufuku wa m'makomo wa NSO uja wa IHS5 wa 2019 mpaka 2020, amapezeka pa tsamba la World Bank mukalembetsa, muli zambiri za ulimi zimene inu mukuzimva kuposa ife. Mungosamala kuti kafukufuku ameneyu ali ndi mawейti ake, khomo lililonse limaimira makomo ambiri mosiyanasiyana, mukangotenga avereji wamba yankho la dziko lonse likhala lolakwika.

Python ndi pandas zibwere cha mwezi wachisanu. Ndiye mwezi womaliza muyese modelo ya ngongole ija, mudzione nokha. Mukapeza kuti mwakhala mpaka pakati pa usiku mukufufuza chifukwa chake a Mponela modelo ikuwalakwitsa, usayentisiti ukukuitanani. Mukapeza kuti chikukusangalatsani ndi kuipangitsa kuti iziyenda yokha m'mawa uliwonse, pitani kwa achimwene a ku 47 akuphunzitseni.

Wa Khodi ku 47: Pa dongosolo ndikugwirizana nazo kupatula chimodzi, ine Python ndikanayamba tsiku loyamba limodzi ndi SQL. Power BI ndi kudinadina, aliyense amaiphunzira sabata ziwiri.

Mayi Awiri: Sabata ziwiri kupanga tchati, inde. Koma ndi kudinadina komweko kumene kumalembetsa anthu ntchito kuno bambo. Ndipo ku zaumoyo R ndi Stata ndi zimene ndimaziona kwambiri kuposa Python

Wa Khodi ku 47: Kwanuko. Kwathu kuno munthu wa Stata sitidziwa pomukhazika

Dolo wa 25: Ine ndikadali pa mfundo ya madola. Zindi ilipo, tsamba la mipikisano ya deta, anapangapo mpikisano wa kusefukira kwa madzi kummwera kwa Malawi komanso wina wosanja nkhani za Chichewa, munthu ukachita bwino kumeneko akunja amakuona

Anambewe: Mipikisano imeneyo inachitikadi ndipo ndi malo abwino ophunzirira, pamenepo sindikutsutsa Dolo. Kungoti kumeneko amakupatsa funso lokonzakonza ndi muyeso wake, pamene ku ntchito palibe amene akuuze kuti kolamu iyi ikuonera mayeso. Ndipo vepi ya pa intaneti ya oyamba kumene ukulimbirana ndi dziko lonse, iwe uli ndi magetsi a kwathu konkuno.

Mwana wa Kawale: Nanga masitazi? Malume anga akuti popanda masitazi palibe amene angandiitane kuti sayentisiti, akuti ndipite ku Chanco ndikapange bayositatisitikisi

Mayi Awiri: Kumabungwe ndi ku kafukufuku wa zaumoyo malume anu akunena zoona, pepala limasefa anthu sivi isanawerengedwe n'komwe. Pa uanalisiti digiri muli nayoyo ikwana.

Wa Khodi ku 47: Ine ndilibe masitazi ndipo palibe anandifunsapo, amangoti tionetse zimene unapanga

Anambewe: Nonse mukunena zoona za kumene mumagwira. Ine ndinapita ku masitazi nditagwira kale ntchito zaka zingapo ndipo inandipindulira chifukwa ndinali ndi mafunso anga, koma ndikudziwanso anthu anabwerako ndi ngongole ya fizi n'kubwerera pa mpando womwewo. Chaka chino musaiganizire kaye.

Mwana wa Kawale: Zikomo kwambiri nonse. Ndatsegula fayilo ya Mitundu pompano kuti ndiwerenge mizere monga munanenera sisi, ngongole zikuoneka 1,140 koma manambala a ngongole osabwereza akutuluka 1,096. Ndiye 44 enawo ndi obwereza kapena ndi anthu anatenga kawiri?

Anambewe: Musafufute kalikonse. Sanjani potengera nambala ya ngongole, muyang'ane deti ndi ndalama pa mizere yofananayo. Zikafanana zonse ndi kulowetsa kawiri, zikasiyana ndiye kuti nthambi inagwiritsanso nambala yakale pa ngongole yatsopano, imeneyo ndi nkhani ina yoti mufunse ofisala wa kumeneko mawa.

Dolo wa 25: Ndayang'ana ya mtima ija. Odwala anali ochepa zedi. Musandifunse zambiri

Mwana wa Kawale: Sisi zina zikufanana zina ayi, ndipo pali umodzi deti yake ikuti 1900